Masitebokoini: mafunso ndi mayankho pa ndalama zimene zimalonjeza kusasintha mtengo

Pa ndalama zonse za kiripito, masitebokoini ndi amene amaoneka ofatsa. Mukayang'ana mtengo wake lero mupeza dola imodzi, mawanso dola imodzi, mwezi wamawa chimodzimodzi. Koma bata limeneli pali chimene chimaligwiriziza, ndipo chinthucho n'chosiyana pa sitebokoini iliyonse. Mayankho ali m'munsiwa akuzungulira pa funso limodzi: tsiku limene mudzafune kutuluka, ndani adzakupatseni dola yanu, nanga adzaitenga kuti?

Kodi sitebokoini n'chiyani kwenikweni?

Ndi tokeni, kapena kuti ndalama ya pakompyuta, ya pa bulokutcheni imene anaipanga n'cholinga choti mtengo wake uzitsatira chinthu china chodziwika. Ambiri amatsatira dola ya ku America, ndipo odziwika kwambiri ndi USDT ya kampani ya Tether, imene inayamba mu 2014, ndi USDC, tokeni imene inayamba mu 2018, ya kampani ya Circle. Alipo ena otsatira yuro, monga EURC, ndi ena otsatira golide.

Bulokutcheni ndi kaundula amene makompyuta ambirimbiri amasunga limodzi, wosonyeza kuti waleti iyi, kutanthauza chikwama cha pakompyuta chosungira matokeni, ili ndi matokeni angati ndipo yatumiza angati kwa ndani. Kaundulayo amadziwa kuwerenga matokeni basi. Sadziwa kuti dola n'chiyani, ndipo sangakakamize munthu kugula tokeni yanu pa mtengo wakutiwakuti. Choncho mawu oti "USDT imodzi ndi dola imodzi" si lamulo la kompyuta. Ndi lonjezo, ndipo lonjezo limafuna wolisunga.

Ngati ili yofanana ndi dola, bwanji osangosunga dola yeniyeniyo?

Chifukwa tokeni imayenda m'njira zimene dola ya kubanki siyenda. Imatumizika usiku, Lamlungu, kudutsa malire a mayiko, n'kufika m'timphindi tochepa. Ochita malonda a kiripito amathawiramo akaona kuti Bitcoin ikugwa, osadikira kuti banki itsegule. Enanso oigwiritsa ntchito ndi anthu a m'mayiko amene ndalama yawo ikutha mphamvu msanga ndipo akaunti ya madola ndi yovuta kutsegula.

Ndani amaletsa mtengo kuchoka pa dola imodzi?

Palibe munthu amene amakhala pansi n'kumalemba mtengowo. Pa misika ya kiripito, sitebokoini imagulidwa ndi kugulitsidwa ngati katundu wina aliyense, ndipo ogulitsa akachuluka mtengo umatsika. Chimene chimaubweza ndi amalonda ofuna phindu.

Tiyerekeze kuti USDC yatsika kufika pa masenti 98. Wamalonda amene ali ndi akaunti ku Circle agula matokeni 1,000,000 pa msika, n'kulipira madola 980,000. Kenako awatumiza ku kampaniyo kukawawombola. Kampani ifafaniza matokeniwo n'kumutumizira madola 1,000,000 ku banki yake. Wapindula madola 20,000, kuchotsapo zolipira za panjira. Anzake akaona zimenezi nawonso ayamba kugula, ndipo kugula kwawoko kumakweza mtengo mpaka phindu lija litatha, kutanthauza pafupi ndi dola imodzi. Mtengo ukakwera kufika pa dola ndi masenti awiri, amachita mosemphanitsa: amapereka madola ku kampani, kulandira matokeni atsopano, n'kukawagulitsa pa msika mpaka mtengo utatsika.

Onani kuti zonsezi zadalira khomo limodzi, lowombolera. Likakhala lotsegula ndipo kuseri kwake kuli ndalama zenizeni, mtengo umabwerera wokha. Likatsekedwa, kapena anthu akayamba kukayika za zimene zili kuseriko, palibenso wamalonda amene angayerekeze kugula pa masenti 98.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti khomo limeneli si la aliyense. Ku Tether, kuti muwombole mwachindunji muyenera kukhala ndi akaunti yotsimikizidwa komanso matokeni osachepera madola 100,000. Munthu wamba amene ali ndi USDT 300 sangapite kumeneko. Iye amagulitsa pa msika, pa mtengo umene ulipo tsiku limenelo, ndipo amadalira kuti akuluakulu aja akupitiriza ntchito yawo yowombola.

Njira yoyamba, yosunga madola enieni, imayenda bwanji?

Pali njira zingapo zogwiriziza mtengo wa sitebokoini. Yoyambayi ndiyo njira ya USDT ndi USDC, ndipo ndi yosavuta kumva. Munthu akapereka dola ku kampani, kampani imapanga tokeni imodzi n'kusunga dolayo. Akabweza tokeni, amalandira dola. Tokeniyo ili ngati lisiti limene mumalandira mukasungitsa katundu: palokha ndi kapepala chabe, mtengo wake uli pa katundu amene mungakatenge mukalionetsa.

Komabe si kuti madolawo amangokhala m'sefa. Gawo lochepa limakhala m'mabanki kuti lizilipira owombola tsiku ndi tsiku. Gawo lalikulu amabwereketsa ku boma la America pogula zikalata za ngongole za nthawi yochepa, zimene boma limabweza pakatha masabata kapena miyezi yowerengeka. Zikalatazi n'zosavuta kugulitsa mwamsanga ndipo mtengo wake sugwedezeka kwambiri. Circle imasunga gawo lalikulu la chuma chimenechi m'thumba lina limene imayendetsa ndi kampani ya BlackRock. Tether nayo ili ndi zikalata za boma zambiri, koma m'nkhokwe yake mulinso golide, Bitcoin ndi ngongole zimene inabwereketsa kwa ena, zinthu zimene mtengo wake ungathe kutsika.

Apa ndi pamenenso pali phindu la makampaniwa. Zikalata za boma zimabala chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho chimapita ku kampani, osati kwa inu. Kampani ikasunga madola 10 biliyoni pa chiwongoladzanja cha 4 pa 100 alionse, imapeza madola 400 miliyoni pa chaka, pamene eni matokeni akungokhala ndi dola yawo imodziyo.

Ndingadziwe bwanji kuti ndalamazo zilikodi?

Matokeni onse amene apangidwa mungathe kuwawerenga nokha pa bulokutcheni. Koma akaunti za kampani za kubanki simungazione. Mumadalira malipoti amene kampaniyo imatulutsa, ndipo malipotiwo ali m'mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza.

Mtundu woyamba ndi chitsimikizo cha tsiku limodzi. Akatswiri owerengera chuma amayang'ana mabuku pa tsiku limene lasankhidwa, n'kunena kuti tsiku limenelo chuma chinali chokwanira matokeni onse. Circle imatulutsa lipoti lotere mwezi uliwonse, Tether pa miyezi itatu iliyonse. Vuto lake n'lakuti silinena zimene zinachitika dzulo lake kapena mawa lake. Mtundu wachiwiri ndi kafukufuku wathunthu wa chaka chonse, wofufuza mmene ndalama zimalowera ndi kutulukira, ngongole zimene kampani ili nazo, ndi mmene imadziyang'anira. Kwa zaka zambiri Tether inkadzudzulidwa chifukwa chosatulutsa kafukufuku wa mtundu wachiwiriwu.

Kukayikako kunali ndi maziko. Mu Febuluwale 2021, Tether ndi msika wa Bitfinex, amene eni ake ndi amodzi, anagwirizana ndi ofesi ya loya wamkulu wa boma la New York kulipira madola 18.5 miliyoni. Mu Okutobala chaka chomwecho, bungwe la boma la America loyang'anira misika, la CFTC, linalipitsa Tether madola 41 miliyoni litapeza kuti m'miyezi 26 imene linafufuza, pakati pa 2016 ndi 2018, kampaniyo inali ndi ndalama zokwanira m'akaunti zake pa masiku osakwana 28 mwa masiku 100 alionse. Nthawi yonseyo inkauza anthu kuti tokeni iliyonse ili ndi dola yake.

Kunena mwachilungamo, USDT yadutsanso m'mayeso aakulu. Mu Meyi 2022, misika itachita mantha, inatsika kufika cha m'ma masenti 95, anthu n'kuwombola mabiliyoni angapo a madola m'masiku ochepa, ndipo kampaniyo inalipira, mtengo n'kubwerera. Zonse ziwirizi ndi zoona, ndipo munthu wofuna kusunga USDT ayenera kuzidziwa zonse.

Ngati USDC inali ndi ndalama zokwanira, n'chifukwa chiyani inagwa mu 2023?

Chifukwa banki nayo imagwa. Lachisanu pa 10 Malichi 2023, akuluakulu oyang'anira mabanki ku America anatseka Silicon Valley Bank. Tsiku lomwelo usiku, Circle inalengeza kuti madola 3.3 biliyoni a m'nkhokwe ya USDC anali mu banki imeneyo. Nkhokwe yonse inali ya madola pafupifupi 40 biliyoni, choncho ndalama zotsekeredwazo zinali pafupifupi 8 pa 100 alionse.

Tachitani masamu. Ngakhale ndalama zonsezo zikanapita osabwerera ngakhale senti, tokeni iliyonse ikanatsala ndi masenti pafupifupi 92 kumbuyo kwake. Koma Loweruka mtengo unatsika kufika cha m'ma masenti 87, kupyola pamenepo. Chinachititsa n'chakuti kunali kumapeto kwa sabata, mabanki anali otseka, ndipo kuwombola sikukanatheka mpaka Lolemba. Msika wa Coinbase nawo unaimitsa kaye kusintha USDC ndi madola. Khomo lija linali lotseka, ndiye aliyense wofuna kuthawa ankagulitsa kwa aliyense amene wapezeka.

Lamlungu pa 12 Malichi boma la America linalengeza kuti onse osunga ndalama ku bankiyo alandira zawo zonse, ndipo m'masiku ochepa USDC inabwerera pa dola imodzi. Amene anagulitsa Loweruka pa mtengo wotsikitsitsa uja anataya masenti oposa khumi pa dola iliyonse, ndipo sanawapezenso. Komanso tisaiwale kuti chimene chinapulumutsa ndalama zija ndi chiganizo cha boma, chimene palibe amene anali nacho m'manja Loweruka lija.

Nanga njira yachiwiri, yogwiritsa ntchito kiripito ngati chikole?

Anthu ena sanafune kudalira kampani kapena banki, ndipo anapanga njira yoti chikole chizikhala pa bulokutcheni pomwepo, pamene aliyense angachione. Chitsanzo chachikulu ndi DAI, imene gulu la MakerDAO linakhazikitsa pa bulokutcheni ya Ethereum mu Disembala 2017. Mu 2024 gululi linasintha dzina kukhala Sky n'kutulutsanso tokeni ina, USDS.

Mu njira imeneyi DAI imabadwa ngati ngongole. Mumatsekera ndalama yanu ya kiripito, monga ETH, imene ndi ndalama ya Ethereum, mu pulogalamu ya pa bulokutcheni, ndipo pulogalamuyo imakulolani kutenga DAI. Popeza mtengo wa ETH umasinthasintha, chikole chimayenera kuposa ngongole. Kwa nthawi yaitali malire a ETH anali 150 pa 100, ndipo chilango cha wolephera kusunga malirewo chinali 13 pa 100. Manambalawa amasintha eni gulu akavota, koma tiyeni tiwagwiritse ntchito pa chitsanzo.

Mwatsekera ETH ziwiri pa nthawi imene imodzi ikugulidwa madola 1,500. Chikole chanu ndi madola 3,000. Mwatenga DAI 1,500, kutanthauza kuti chikole chikuposa ngongole kawiri. Malire aja akufuna kuti chikole chisatsike kupyola madola 2,250, ndiye ngozi yanu ili pamene ETH imodzi yafika pa madola 1,125. Mtengo ukamayandikira pamenepo muli ndi zochita ziwiri: kuwonjezera chikole, kapena kubweza gawo la ngongole. Mukapanda kuchita chilichonse mtengo n'kupyola malire, pulogalamu siikuchenjezani ndipo simva madandaulo. Imaika chikole chanu pa okushoni kuti ipeze DAI 1,500 ya ngongole kuphatikizapo 195 ya chilango, zonse pamodzi 1,695. Ngati ETH yagulitsidwa pa madola 1,100, pafunika ETH pafupifupi 1.54, ndipo inu mubwezeredwa pafupifupi 0.46. DAI 1,500 ija ikhalabe yanu, koma gawo lalikulu la ETH yanu lapita pa mtengo wotsika.

Nkhanza imeneyi ndi imene imateteza munthu wina amene anangogula DAI pa msika ndipo sakudziwa n'komwe za ngongole yanu. Chikole chimagulitsidwa chisanatsike kufika pa mlingo wa ngongole, choncho DAI iliyonse imakhala ndi katundu woposa dola kumbuyo kwake. Ndipo DAI ikatsika kufika pa masenti 97, amene ali ndi ngongole amathamangira kuigula kuti abweze motchipa, n'kukweza mtengo. Kuipa kwake n'kwakuti njirayi imadya chuma chambiri: kuti papezeke dola imodzi yokhazikika, pafunika kutsekera yoposa dola ndi theka.

Kodi njira ya chikoleyi inayamba yalepherapo?

Inde, pa 12 Malichi 2020, pamene misika ya dziko lonse inagwa chifukwa cha mantha a mliri wa korona. ETH inataya pafupifupi theka la mtengo wake m'maola owerengeka. Anthu ambirimbiri anathamangira kutumiza zinthu pa Ethereum nthawi imodzi, njira inapanikizika, ndipo zolipira potumiza zinakwera kwambiri. Mapulogalamu obweretsa mitengo ya pa msika ku bulokutcheni anachedwa. Ambiri mwa amene amapikisana pa okushoni analephera kulowetsa mitengo yawo, ndiye ena ochepa anapeza kuti ali okha, n'kutchula ziro, n'kuwina. ETH ya madola pafupifupi 8 miliyoni inapita choncho, kwaulere. Eni zikole anataya zonse, ndipo dongosolo lonse linatsala ndi ngongole ya madola mamiliyoni angapo yopanda chikole. Anaikwirira popanga matokeni atsopano a MKR, amene ndi matokeni ovotera a gulu la MakerDAO, n'kuwagulitsa.

Chodabwitsa n'chakuti masiku amenewo DAI sinatsike, inakwera kuposa dola, chifukwa aliyense ankaifuna kuti abweze ngongole asanalandidwe chikole. Pofuna kuthetsa zimenezi, gululo linavomereza USDC ngati chikole, kenako n'kukonza njira yosinthira USDC ndi DAI imodzi kwa imodzi. Mtengo unakhazikikadi. Koma pochita zimenezi, tokeni imene inapangidwa pothawa mabanki inadzimangirira ku mabanki, ndipo USDC itagwa mu Malichi 2023, DAI inagwa nayo limodzi.

Njira yachitatu, yopanda chikole chenicheni, ndi yotani?

Imeneyi imayesa kugwira mtengo ndi masamu okha, pochulukitsa kapena kuchepetsa matokeni. Yodziwika kwambiri inali UST ya kampani ya Terraform Labs, imene ankatsogolera Do Kwon. UST inali ndi tokeni inzake yotchedwa LUNA, ndipo lamulo linali lakuti nthawi iliyonse mungapereke UST imodzi kuti ifafanizidwe, n'kulandira LUNA yatsopano yokwana dola imodzi. Mungachitenso mosemphanitsa. UST ikatsika kufika pa masenti 98, mumaigula, kuisintha ndi LUNA ya dola, kugulitsa LUNA ija, n'kupindula masenti awiri.

Zikufanana ndi kuwombola kumene tafotokoza kuja, koma taonani chimene mukulandira. Si dola, ndipo si katundu amene anasungidwa kale. Ndi tokeni imene yangopangidwa nthawi yomweyo, imene mtengo wake ukudalira kuti anthu azikhulupirirabe dongosolo lomwelo. LUNA ikakhala pa madola 80, kuwombola UST 80 kumabala LUNA imodzi. Ikatsika kufika pa masenti 10, UST 80 yomweyo imabala LUNA 800. Pa senti imodzi imabala 8,000. Aliyense wolandira amagulitsa nthawi yomweyo, mtengo n'kutsikanso, ndipo wotsatira amapangiridwa matokeni ochuluka kuposa apo.

Zimenezi n'zimene zinachitika mu Meyi 2022. UST inali itakula kufika pa madola pafupifupi 18 biliyoni. Anthu ena atayamba kutulutsa ndi kugulitsa yochuluka, mtengo unatsetsereka pang'ono, mantha n'kuyamba. Bungwe la Luna Foundation Guard linali litasunga Bitcoin pafupifupi 80,000 zodzatetezera mtengo, ndipo pafupifupi zonse zinatha m'masiku ochepa osaimitsa kugwako. Pasanathe sabata, matokeni a LUNA anachuluka kuchoka pa mamiliyoni mazana ochepa kufika pa oposa 6 thililiyoni, ndipo tokeni imene inkagulidwa madola pafupifupi 80 kumayambiriro kwa mwezi inatsika osakwananso senti. Chuma cha madola pafupifupi 40 biliyoni chinasungunuka, ndipo UST sinabwererenso. Do Kwon anamangidwa ku Montenegro mu 2023, kenako anatumizidwa ku America kukayankha milandu ya chinyengo.

Kwa ine, njira imeneyi siyenera kuikidwa pa mzere umodzi ndi ziwiri zoyamba zija. Imagwira ntchito pa nthawi yokhayo imene palibe akufuna kutuluka, pamene sitebokoini imafunika kulimba pa tsiku limene onse akutuluka.

Nanga anthu anaikiranji ndalama zambiri chonchi mu UST?

Chinawakoka ndi Anchor, pulogalamu imene inkapereka chiwongoladzanja cha pafupifupi 20 pa 100 pa chaka kwa osungitsa UST. Gawo lalikulu la UST yonse linali mmenemo. Koma obwereka sankalipira zokwanira kubala phindu lotero, ndipo kusiyanako ankakukwirira ndi thumba lapadera limene linkaphwa n'kumathiridwanso ndalama. Ambiri mwa osungitsawo sanali anthu okonda kutchova juga ayi. Anamva kuti ndi dola yosasintha yobala phindu, n'kuikamo zimene anasunga kwa zaka. N'chifukwa chake nkhaniyi imapweteka.

Sitebokoini payokha sibala kanthu. Wina akakulonjezani phindu pa iyo, ndiye kuti matokeni anu akubwereketsedwa kwa munthu wina kapena akulowetsedwa mu malonda ena, ndipo muyenera kufunsa kuti wolipira phindulo ndani. Yerekezani ndi chiwongoladzanja chimene boma la America likupereka pa zikalata zake nthawi imeneyo. Chilichonse choposa pamenepo ndi malipiro a ngozi ina imene mwasenza, kaya mwaidziwa kapena ayi.

Pali njira zinanso?

Zilipo. USDe ya Ethena, imene inatchuka mu 2024, imagwiritsa ntchito malonda awiri otsutsana. A kampani ya Ethena amasunga, tinene, ETH ya madola 1,000, ndipo nthawi yomweyo amapangana pa msika wina mgwirizano umene umapindula ETH ikatsika, wa mlingo wofanana. ETH ikatsika ndi 20 pa 100, mbali yoyamba imataya madola 200, yachiwiri n'kupeza 200, zonse pamodzi n'kukhalabe 1,000. Ngozi yake ili pa misika imene mgwirizanowo wapangidwira, imene ingathe kugwa kapena kutseka, komanso pa zolipira zosungira mgwirizanowo, zimene nthawi zina zimalowa kwa iwo ndipo nthawi zina zimatuluka.

Palinso matokeni a golide monga PAXG, amene iliyonse imaimira aunsi imodzi ya golide wosungidwa. Amenewa amakhazikika pa golide, osati pa dola, choncho mtengo wake m'madola umakwera ndi kutsika tsiku lililonse.

Kodi kampani ingathe kutseka matokeni amene ali mu waleti yanga?

Pa USDT ndi USDC, inde. Mapulogalamu awo ali ndi mphamvu yoika adiresi, kutanthauza nambala ya waleti, pa mndandanda woletsedwa, ndipo matokeni a pa adiresi imeneyo sayendanso ngakhale makiyi a waleti ali ndi inu. Makampaniwa amachita zimenezi apolisi, makhoti kapena boma zikalamula. Mu Ogasiti 2022, boma la America litaletsa pulogalamu ya Tornado Cash, yobisa kumene ndalama za kiripito zachokera, Circle inatseka USDC imene inali pa maadiresi otchulidwawo. Mphamvu yomweyi yathandizapo kugwira ndalama zobedwa. Bitcoin ilibe kampani yotero.

Malamulo akuti bwanji? Kodi ndalama zanga ndi zotetezedwa ngati za kubanki?

Ayi. Ku America, inshulansi ya boma imateteza ndalama zosungidwa m'banki mpaka madola 250,000 pa munthu, koma tokeni ya mu waleti yanu siili m'gulu limenelo.

Malamulo ayamba kubwera komabe. Mayiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya anayamba kutsatira malamulo a MiCA okhudza masitebokoini pa 30 Juni 2024. Amafuna kuti wotulutsa tokeni yotsatira ndalama ya boma akhale ndi chilolezo, asunge chuma chokwanira, ndipo mwini tokeni akhale ndi ufulu wowombola pa mtengo wake wonse nthawi iliyonse. Chifukwa cha malamulowa misika ina ikuluikulu inachotsa USDT kwa makasitomala ake a ku Ulaya. Ku America lamulo la GENIUS linasainidwa pa 18 Julayi 2025. Limafuna kuti tokeni iliyonse ikhale ndi dola yake mu ndalama kapena mu zinthu zotetezeka monga zikalata za boma za nthawi yochepa, kuti nkhokwe izilengezedwa mwezi ndi mwezi, ndipo limaletsa wotulutsayo kupereka chiwongoladzanja kwa eni matokeni.

Boma lingathenso kuimitsa sitebokoini imene ili ndi ndalama zokwanira. Mu Febuluwale 2023 oyang'anira za chuma ku New York analamula kampani ya Paxos kusiya kupanga BUSD yatsopano. Eni matokeni anapitiriza kuwombola pa dola imodzi, tokeniyo n'kumatha pang'onopang'ono.

Ndikaona mtengo watsika kufika pa masenti 95, ndingadziwe bwanji ngati ubwerera?

Choyamba yang'anani ngati watsika paliponse kapena pa msika umodzi wokha. Msika wina ukakhala ndi mavuto ake, kapena ogula akachepa pa ola limenelo, mtengo umaoneka woopsa pamenepo pomwe kwina uli bwino. Yerekezani misika itatu kapena inayi musanachite kanthu.

Kenako funsani kuti tokeniyo ndi ya mtundu uti, chifukwa masenti 95 satanthauza zofanana pa yonse. Ikakhala yosunga madola, fufuzani zinthu ziwiri: kodi kampani ikulipirabe owombola, nanga gawo la nkhokwe limene lili pa ngozi ndi lalikulu bwanji? Chiwerengero cha matokeni onse chikamatsika tsiku ndi tsiku pa bulokutcheni, kampani osaimitsa kulipira, ndiye kuti anthu akuwombola ndipo khomo likugwira ntchito. Ikalengeza kuti yaimitsa kuwombola popanda kunena tsiku lotsegulira, kapena osatchula kumene ndalama zili, chimenecho ndi chizindikiro choipa kuposa mtengo womwewo. Pa nkhani ya USDC ija, munthu ankatha kuwerengera malire a zimene zingatayike chifukwa dzina la banki ndi kuchuluka kwa ndalama zinalengezedwa.

Ikakhala ya chikole cha kiripito, manambala ali poyera: onani ngati chikole chonse chikuposabe matokeni onse, chikolecho ndi chiyani, ndiponso ngati maokushoni akupeza ogula pa mitengo yoyenera. Onaninso gawo la chikole limene lili mu sitebokoini ina, chifukwa vuto lingakhale lochokera kumeneko.

Ikakhala ya mtundu wa UST, musayang'ane sitebokoini yokhayo, yang'anani tokeni inzake ija. Tengani mtengo wa tokeniyo kuchulukitsa ndi chiwerengero chake chonse, n'kuyerekeza ndi kuchuluka kwa sitebokoini imene ili m'manja mwa anthu. Mu Meyi 2022, mtengo wa LUNA yonse pamodzi unatsika n'kukhala wochepera wa UST yonse pamene UST inali ikugulidwabe pa masenti ambiri ndithu, ndipo chiwerengero cha LUNA chinkakwera ola lililonse pamaso pa aliyense wotha kuwerenga bulokutcheni. Kuyambira pamenepo panalibenso katundu wokwanira kulipira onse ofuna kutuluka, ngakhale kuti masiku otsatirawo mtengo wa UST unkakwerako pang'ono n'kukopa ena kugula poganiza kuti ukubwerera.